Kanema Wofunsira Ntchito: Nyimbo Isabise Dzanja la Edita

Akanema ambiri amene achinyamata amatumiza pofunsira ntchito ya edita kapena ya wojambula amafanana ngati nsima ya ufa umodzi. Kumayambiriro dironi iuluke pamwamba pa phiri la Mulanje, kenako dzuwa lilowe pa nyanja ku Mangochi, mkwatibwi atembenuke pang'onopang'ono, ndipo chithunzi chilichonse chisinthe pamene ng'oma ya nyimbo yagunda. Kanema wotere, amene a ntchitoyi amati shoriilo, amakoma m'maso. Koma ndikutsutsa mwamphamvu chizolowezi chakuti edita ndi wojambula azitumiza kanema wa mtundu umodzi, chifukwa wolemba ntchito amafuna kuona zinthu zosiyana mwa anthu awiriwa.

Edita ndiye amene chizolowezichi chimamupweteka kwambiri. Akasanja zithunzi zokongola pa nyimbo, chimene watsimikiza n'chimodzi chokha: amamva kugunda kwa ng'oma. Kukongola kwa zithunzizo ndi kwa amene anagwira kamera. Walter Murch, edita wa filimu ya Apocalypse Now ndi The English Patient, m'buku lake In the Blink of an Eye anasanja zinthu zisanu ndi chimodzi zimene zimachititsa kuti kudula kukhale kwabwino. Pamwamba anaika mmene woonera akumvera mumtima, n'kuchipatsa 51 peresenti. Nkhani anaipatsa 23. Kayendedwe ka liwiro anangokapatsa 10. Kanema wongodula pa ng'oma amaonetsa gawo la 10 lija, n'kusiya zikuluzikulu ziwirizo kunja. Mtima ndi nkhani sizioneka m'kachithunzi ka sekondi imodzi. Zimafuna chochitika chathunthu, chokhala ndi mawu ake.

Tiyerekeze kuti bungwe lina lopanga mafilimu a zaulimi lalengeza kuti likufuna edita. Kanema wanu asapitirire mphindi ziwiri ndi theka. Masekondi atatu oyamba akhale dzina lanu ndi liwu lakuti edita, basi, popanda chizindikiro chozungulirazungulira. Kenako mulowe m'chochitika chimene mumachinyadira kuposa zonse, chifukwa amene ali ndi makalata ambiri patebulo sadikira kuti zabwino zibwere kumapeto.

Chochitikacho chikhale cha masekondi 50, mwachitsanzo mayi wolima chimanga akufotokoza mmene mbozi zinamudyera munda. Poyamba tiona masamba obowoka, ndipo mawu a mayiyo ayambe kumveka nkhope yake isanaoneke. Mawu akatsogola chithunzi chotere, woonera amakokedwa ndi khutu, ndipo sazindikira n'komwe kuti padulidwa. Mayiyo atatchula matumba amene anakolola, akhala chete masekondi atatu akuyang'ana pansi. Edita wosakhwima amadula kachetechete ameneyu poganiza kuti ndi nthawi yotayika, kapena amamukwirira ndi piyano yolira. Inu musiyeni. Munthu wodziwa ntchito akaona kuti mwausunga, amadziwa kuti munamvetsera zonse zimene mayiyo analankhula musanagwire mpeni. Amamvetseranso polumikiza ziganizo: ngati phokoso la mphepo ndi nkhuku likudumpha pa kudula kulikonse, ndiye kuti simunayale phokoso la malowo pansi pa mawu. Ichi sichibisika pa mahedifoni.

Chochitika chachiwiri chionetse luso lina. Pelekanipelekani wa pa ukwati wojambulidwa ndi makamera atatu ndi mayeso abwino kuposa mmene anthu amaganizira. Pali gulu, pali woyendetsa mwambo akuitana mayina, pali ndalama zikuuluka, ndipo woonera ayenera kudziwa nthawi zonse kuti akwati akhala mbali iti. Masekondi 40 amene sasokoneza woonera ndi umboni wokwanira. Vidiyo ya nyimbo ibwere pomaliza, masekondi 20, kuti aone kuti liwiro nalonso mumalitha. Pamene bungwe likufuna mafilimu a zaulimi, imeneyi ndi ndiwo yapambali chabe.

Kwa wojambula nkhani ndi ina. Iye angathe kusanja zithunzi pa nyimbo, mphindi imodzi ndi theka, pakuti chimene akugulitsa ndi diso. Komabe msampha ulipo. Dzuwa likamalowa pa nyanja limakongola ngakhale pa foni, choncho silinena kanthu za amene anajambula. Chimene ndimafuna kuona ndi nkhope. Khungu lakuda pa dzuwa la masana ndi mayeso enieni: ukatsegulira kuwala kuti nkhope ioneke, thambo ndi malaya oyera zimapsa n'kungokhala mbee, ukateteza thambo, maso amamira mumdima. Wojambula amene anasamutsira munthu pamthunzi wa mtengo wa mango, n'kubwezera kuwala kumaso ndi chinsalu choyera, amadziwika ndi kachithunzi kamodzi: m'maso muli kakuwala, pachipumi sipakunyezimira mopitirira, ndipo kumbuyo kukuonekabe. Amene akufuna kuphunzira izi aonere mosamala The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, imene Dick Pope anajambula ku Malawi konkuno, makamaka zochitika za m'nyumba momwe kuwala kumalowera pakhomo ndi pawindo.

Ndipo wojambula asangoika zithunzi zosagwirizana. Penapake aike zitatu zotsatizana za chochitika chimodzi: chapatali, chapakati, ndi chapafupi. Apa ndi pamene timaona ngati kuwala kukuchokera mbali yomweyo, ngati mtundu wa khungu sukusintha, ndiponso ngati anthu awiri olankhulana akuyang'anizanadi, kusonyeza kuti kamera sinadumphe mzere wa pakati pawo. Chithunzi chilichonse chikhale masekondi atatu kapena anayi. Zikamathamanga kwambiri, wodziwa amakayikira kuti pali chimene mukubisa, mwina kamera inagwedera kapena maso a munthu sanali akuthwa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera. Pansi pa chochitika chilichonse lembani dzina la ntchitoyo ndi chimene inu munachita: ndinajambula, ndinalumikiza, ndinakonza mitundu. Opanga mafilimu m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana. Mukaika chithunzi chimene anajambula mnzanu inu mutangogwira nyali, n'kutheka kuti amene akuonera kanemayo analipo tsiku limenelo. Pemphaninso chilolezo kwa eni ntchito, makamaka ngati m'zithunzimo muli odwala kapena ana. Makolo amene anavomera filimu ya bungwe sanavomere kuti mwana wawo akhale chikwangwani chanu chofunsira ntchito.

Zomaliza ndi za makina, ndipo ndi zachidule. Zithunzi za mafuremu 25 pa sekondi zikasakanizidwa ndi za 30 za pa foni popanda kuzikonza, kamera ikamatembenuka chithunzi chimanjenjemera. Yang'anani pamenepo musanatumize. Tulutsani kanemayo mu 1080p ndi H.264, mumuike pa Vimeo kapena pa YouTube ngati Unlisted, n'kutumiza linki. WhatsApp imafinya vidiyo, ndipo mbali zamdima zimene munavutikira zimasanduka timabokosi. Ngati akakamira kuti mutumize kumeneko, itumizeni ngati Document. Mawu a anthu amveke bwino pa sipika ya laputopu ndi pa foni, chifukwa ambiri adzaonera pamenepo. Ngati malo a ntchito ndi awiri, wina wa edita wina wa wojambula, ndipo zonse mumazitha, pangani akanema awiri, ndipo m'kalata iliyonse muikemo linki imodzi yokha.