Khutu losunga nsonga za nyimbo

Wojambula vidiyo ya ukwati akafika kunyumba usiku amakhala ndi phokoso la tsiku lonse m'kamera mwake. Muli nthungululu, muli mkulu wa mwambo akuitana a kuchimuna kuti abwere ku perekaniperekani, muli mphepo yowomba maikolofoni, ndipo pansi pa zonsezi muli nyimbo yotuluka m'sipika yong'ambika. Akangokweza vidiyoyo pa YouTube, asanaionetse n'komwe kwa anthu, makina amamuuza dzina la nyimbo ija, mwini wake, ndiponso mphindi imene yayambira ndi imene yathera. Makinawa dzina lake ndi Content ID, ndipo akhala akugwira ntchito kuyambira mu 2007. Ine chimene chimandigwira mtima ndi chakuti luso lake lagona pa kutaya. Amataya pafupifupi zonse zimene amva n'kusunga tochepa tokha tosafafanizika.

YouTube imabisa tsatanetsatane wa njira yake, koma maganizo a luso limeneli anawalongosola poyera Avery Wang, mmodzi mwa amene anayambitsa pulogalamu yozindikira nyimbo ya Shazam, m'chikalata chake cha mu 2003. Choyamba, kompyuta imaduladula mawu m'tizigawo tosakwana sekondi, n'kuyeza m'kachigawo kalikonse mphamvu ya liwu lililonse, kuyambira besi wapansi mpaka liwu lowonda lam'mwamba. Zikayalidwa, zimaoneka ngati dziko la mapiri ndi zigwa. Wang anasiya zigwa zonse n'kutola nsonga zokha, malo amene liwu lina laposa anzake oyandikana nalo. Chifukwa chake n'chomveka. Phokoso la anthu lili ngati madzi osefukira: limamiza madambo, koma nsonga za mapiri zimaonekabe. Sipika ikhoza kuchepetsa besi, foni ikhoza kufinya mawu, koma nsonga zambiri zimakhalabe pamalo pake.

Nsonga imodzi payokha siuza munthu kanthu, pakuti nyimbo zikwizikwi zimagunda liwu lomwelo. Apa m'pamene pali nzeru yachiwiri, yomanga nsonga ziwiriziwiri. Kompyuta imalemba manambala atatu: kukwera kwa liwu loyamba, kukwera kwa lachiwiri, ndi kamphindi kamene kadutsa pakati pawo. Atatuwa akaphatikizidwa amapanga chidindo chosowa, chofufuzika msanga m'nkhokwe ya nyimbo zimene eni ake anaperekeratu. Pambali pa chidindo chilichonse pamalembedwa sekondi imene chinapezeka m'nyimbomo.

Komabe zidindo zina zimafanana mwangozi. Ndiye makina amadziwa bwanji kuti apezadi nyimbo? Amafunsa nthawi. Tiyerekeze kuti chidindo china chili pa sekondi 40 m'nyimbo ya mwini wake, ndipo m'vidiyo ya ukwati chapezeka pa sekondi 730. Kusiyana kwake ndi 690. Chotsatira chili pa 41 uku ndi 731 uko: 690. China pa 55 ndi 745: 690 yomweyo. Zidindo zangozi zimapereka manambala omwazikana, ichi 12, icho 3,000, koma za nyimbo yeniyeni zimaunjikana pa nambala imodzi. Ngakhale nthungululu zitafafaniza zidindo zambiri, zotsalazo zikagwirizana pa 690, mlandu wa "ndi nyimbo iti" watha. Zili ngati mboni zosadziwana zimene zonse zikutchula ola limodzi.

Mukamvetsa izi, mumaonanso malire ake. Njirayi imazindikira chojambulidwa chenichenicho, osati nyimbo monga momwe mtima umaidziwira. Kwaya ikaimba nyimbo yomweyo pa liwiro lake ndi mawu ake, nsonga zimasuntha ndipo zidindo sizikumana. N'chifukwa chake Content ID ili ndi njira inanso yotsata chuni, pakuti nyimbo imakhala ndi eni awiri: wopeka, ndi mwini wa chojambulidwa. Vidiyo imodzi ikhoza kulandira madandaulo awiri pa nyimbo imodzi, ndipo onse awiri n'kukhala olondola.

Makina akapeza nyimbo, amachita zimene mwini wake anasankhiratu pa zinthu zitatu: kutseka vidiyo, kuisiya koma ndalama za malonda otsatsidwa zizipita kwa iye, kapena kungowerenga oionera. Akhoza kusankha mosiyana dziko ndi dziko, moti vidiyo yooneka ku Lilongwe mlongo wanu wa ku Leeds akhoza kulephera kuitsegula. Ambiri amachita mantha akaona chidziwitsochi, koma dandaulo lotere si chilango pa tchanelo. Wojambula wathu uja ali ndi zochita. Mu YouTube Studio akhoza kudula kachigawoko, kuzimitsa nyimboyo, kapena kuikapo ina. Akhozanso kungozisiya, makamaka ngati cholinga chinali chakuti achibale aonere.

Ngati ali ndi chilolezo, kapena ngati makina alakwa, amatsutsa. Pamenepa nkhani imachoka kwa makina n'kubwerera kwa anthu. Wodandaula amapatsidwa masiku 30 kuti ayankhe, ndipo akakhala chete dandaulo limafa lokha. Akaumirira, wokweza vidiyo akhoza kuchita apilo, ndipo wodandaula amakhala ndi masiku 7. Ngati onse awiri akufuna ndalama za vidiyoyo, YouTube imazisunga pambali mpaka mkangano utatha. Wotsutsa pasanathe masiku 5 amasungiridwa ndalama kuyambira tsiku limene dandaulo linabwera, pomwe wochedwa amasungiridwa kuyambira tsiku limene watsutsa. Kalamulo kakang'ono aka n'koganiziridwa bwino, chifukwa vidiyo zambiri zimaoneredwa kwambiri m'masiku oyambirira.

Pali khomo lina lofunika kuliopa. Mwini nyimbo akhoza kupempha mwalamulo kuti vidiyo ichotsedwe, ndipo apo tchanelo chimalandira chenjezo lotchedwa copyright strike. Limatha pakapita masiku 90 ngati mwini tchanelo wamaliza kaphunziro ka za umwini, koma atatu akakumana, tchanelo chikhoza kutsekedwa. Choncho kutsutsa si kongoyesa mwayi. Kulemba pansi pa vidiyo kuti nyimboyi si yanu, kutchula woimba, kapena kunena kuti munaigula, sizikupatsani ufulu woiika m'vidiyo.

Kulakwa kwa makinawa nakonso kumaphunzitsa. Kumayambiriro kwa 2018, Sebastian Tomczak, katswiri wa nyimbo wa ku Australia, anapeza madandaulo 5 pa vidiyo yake ya maola 10 ya mkokomo wopanda chuni, wonga wa wailesi yosagwira siteshoni. Mkokomowo anaupanga yekha. Koma anthu ena anali ataika mikokomo yawo m'nkhokwe ngati katundu wawo, ndipo makina anaona kufanana. Vuto lotere limabukanso oimba awiri akagula biti imodzi, mmodzi n'kulembetsa nyimbo yake ngati kuti zonse za m'menemo ndi zake yekha. Mnzakeyo amadandauliridwa pa chinthu chimene analipira. Chizindikiro chake chimaoneka mukatsegula dandaulo n'kumvetsera kachigawo kotchulidwako: ngati chofanana ndi ng'oma ndi besi zokha, gwero la vuto ndi zimene zinaikidwa m'nkhokwe, ndipo chikalata chogulira biti ndicho mboni yanu.

Ndimalemekeza luso limeneli chifukwa limayankha funso limodzi, ndipo nthawi zambiri limayankha bwino: kodi mawu awa ndi omwe aja? Funso lakuti ndani ali ndi ufulu silipezeka m'nsonga za mawu. Lili m'mapangano, m'zilolezo ndi m'malisiti, zinthu zimene makina sangamve ngakhale atatchera khutu chotani. Wojambula wathu akadziwa zimenezi, amasunga mapepala ake pamodzi ndi makadi a kamera, ndipo chidziwitso chikabwera amayamba wamvetsera kuyambira pa sekondi 730 asanasankhe chochita.