Msika wa Induljensia ndi Yankho la ku Trento

Pa Msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, munthu amanenerera mtengo wa malaya a kaunjika, napereka ndalama, nanyamula katundu wake. Palibe cholakwa pamenepo. Choipa chimayamba pamene malonda otere alowa m'zinthu za Mulungu, ndipo n'chimene chinautsa mkangano wa chaka cha 1517.

Albrecht, Arkiepiskopi wa ku Mainz, anakongola ndalama kwa a Fugger kuti alipirire udindo wake ku Roma. Papa Leo X anamulola kulalikitsa induljensia yomangira tchalitchi la Petulo Woyera, ndipo theka la zopereka linkabweza ngongoleyo. Mlaliki wake, Yohane Tetzel, anachititsa anthu wamba kuganiza kuti ndalama imatulutsa mzimu m'Purigatorio. Izi ndizo Martin Luther anatsutsa m'mfundo zake 95.

Msonkhano wa ku Trento (1545-1563) unasiyanitsa chiphunzitso ndi malonda. Mu Julaye 1562 unathetsa udindo wa anthu oyendayenda osonkhetsa zopereka, nuika ntchito yolengeza induljensia m'manja mwa aepiskopi. Pa 4 Disembala 1563 unatsimikiza kuti Eklezia ali ndi mphamvu yopereka induljensia, koma unalamula kuti phindu lonse loipa lithe. Mu 1567 Papa Pio V anafafaniza induljensia zonse zofuna ndalama. Apa tiyenera kuyamikira: Abambo a Msonkhano anavomera kuti chilonda chinalipodi, osangodzudzula amene anachiloza.

Komabe yankholi liri ndi zofooka ziwiri. Choyamba, linachedwa. Panapita zaka 46 chiyambire mkangano, Luther anali atamwalira kale mu 1546, ndipo madzi akatayika saoleka. Chachiwiri, linali lalifupi. Lamuloli linavomerezedwa mwaliwiro tsiku lotsiriza, itamveka mbiri yoti Papa Pio IV akudwala kwambiri. Silinafotokoze bwino chimene induljensia iri: kuti sikhululukira tchimo, koma imachotsa chilango chakanthawi chotsalira tchimo litakhululukidwa kale. Kulongosola kokwanira kunadza ndi Papa Paulo VI mu 1967.

Nanga ife? M'maparishi athu timamvabe Akhristu ena akuti akudzagula Misa ya malemu awo. Trento yemweyo, mu Seputembala 1562, analetsa kupangana mtengo wa Misa ndi kuumiriza anthu kupereka. Chizindikiro chodziwira kuti talakwa n'chapafupi: ngati mayi wamasiye abwerera pakhomo pa wansembe chifukwa ndalama yake yaperewera, chopereka chasanduka mtengo. Lamulo la Eklezia la 1983 likupempha ansembe kuchitira Misa osauka ngakhale asanapereke kanthu.

Tisanatsutsane ndi abale athu a CCAP za Luther, tiyambe tafunsa chimene Mkhristu wa kumphakati amamva akamapereka ndalama yake m'manja mwathu.