Gwenembe wa ku Kawale

Amene anawerenga Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John Gwengwe, amakumbukira mbalame ija imene inaulula kuti Gwenembe wapha m'bale wake. Ine chimandigwira mtima ndi ulendo wobwerera kumudzi. Wina wasenza katundu wa thukuta lake, mnzakeyo alibe chokaonetsa abale. Tikati Gwenembe anapha chifukwa cha nsanje sitinaname, koma tadula nkhani. Kutsogolo kwake kuli mudzi wodzafunsa kuti wabwera ndi chiyani, ndipo njira ikunka nitha. Manyazi amenewo ndiwo amatikhulupiritsa kuti munthu angachitedi zotere, ngakhale tikunyansidwa naye.

Olemba ambiri ongoyamba kumene amakhutira ndi liwu limodzi: nsanje, dyera kapena ufiti. Nthano ya pamoto imalola zimenezo. Buku lalitali silingalole, chifukwa wowerenga akhala ndi munthu woipayo masamba ambiri, ndipo posakhalitsa afunsa kuti kodi ameneyu akufuna chiyani, bwanji akuchifuna lero osati chaka chatha, nanga mumtima mwake akudziuza zotani kuti apeze tulo usiku.

Tiyerekeze nkhani imene anthu a ku Kawale, Biwi ndi Area 23 amaidziwa bwino. Bambo wamwalira, wasiya mkazi, ana ndi nyumba yokhala ndi zipinda zitatu za lendi kuseri. Mkulu wake wa malemu wabwera kumaliro ndipo sakubwerera kumudzi. Mlembi wofulumira amupatsa maso ofiira, kachasu ndi sing'anga. Akatero watinamiza, pakuti olanda chuma cha masiye kawirikawiri amafika atavala jekete, akulira nawo maliro.

Tsono mlamuyu timupatse mbiri. Anasiya sukulu kuti mng'ono wake apite ku sekondale. Malata a nyumbayo anagulidwa ndi ndalama za fodya wake amene anagulitsa ku okushoni ku Kanengo, ndipo palibe pepala linalembedwa, poti pachibale salemberana. Chaka chino fodya sanachite bwino, ngongole ya feteleza ikumudikira. Apa tadziwa chimene akufuna, ndiponso chifukwa chake akuchifuna tsopano. Kwa iye uku si kuba, akungotenga zimene anadzala.

Munthu woganiza chomwechi sathyola chitseko. Amapempha mapepala a puloti kuti awasungire ana. Amauza alendi mwaulemu kuti mwezi uno apereke ndalama kwa iye, popeza alamu ake akadali pachisoni. Pamsonkhano wa banja amayankhula mofatsa mpaka akuluakulu kugwedeza mitu. Akudziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, n'chifukwa chake liwu loti kulanda silituluka m'kamwa mwake. Chochita chilichonse chikuchokera m'chifukwa chija, ndipo apa m'pamene ndimayesera buku. Ndimalitseka pakati n'kudzifunsa kuti munthuyu achita chiyani mawa. Ndikatha kulosera zinthu ziwiri kapena zitatu zomuyenera, cholinga chake chamveka. Ngati angathe kuchita china chilichonse, kutentha nyumba kapena kulodza mwana, ndiye kuti mlembi akungomukoka ndi chingwe kuti nkhani iyende. Mlamu wathuyu sangatenthe nyumba imene akuiona ngati yake.

Ngozi ilipo mbali inayo. Mlembi akamumvetsa kwambiri woipayo amayamba kumuikira kumbuyo, nkhani n'kusanduka yopepesera. Mankhwala ake si kuchepetsa mbiri ya mlamuyo, koma kuonetsa poyera zimene wawononga: mwana wamkazi wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, mayi wasamukira m'kachipinda kamodzi ku Mgona. Ndipo mlamuyo aone zimenezi ndi maso ake, apatsidwe mpata wobweza mapepala, koma akane. Kukana kumeneko ndiko kumamusandutsa woipa, pakuti ngongole ya feteleza ali nayo anthu ambiri amene salanda za amasiye.

Ena anganene kuti Iago, m'sewero la Othello la Shakespeare, alibe chifukwa chomveka koma amaopsabe. Zifukwa ali nazo, ndipo amazitchula yekha: udindo umene ankaufuna unapatsidwa kwa Cassio, komanso amaganizira Othello kuti anayenda ndi mkazi wake. Chotizunguza n'chakuti zifukwazo n'zochepa poyerekeza ndi zoopsa zimene wachita, ndipo atagwidwa amakana kufotokoza. Mdima umenewo mlembi anauika dala, atatipatsa kale pogwira. Ukusiyana ndi wa mlembi amene sanadzifunse n'komwe, amene woipa wake amafika m'mutu womaliza n'kuyamba kulapa mwa ndime zitatu, kutiuza zimene tinayenera kuziona tokha kuyambira tsiku la maliro.