Mawu Atatu pa Sekondi: Lamulo Lobwereka ndi Chicheŵa Choŵerengedwa Mokweza

M'mabuku ambiri a ku Mangalande ophunzitsa ntchito ya pa wailesi muli lamulo lakuti woulutsa amaŵerenga mawu atatu pa sekondi imodzi, ndiye kuti mawu 180 pa mphindi. Wolemba nkhani amaŵerenga mawu ake, nagaŵa chiŵerengerocho ndi 3, ndipo amadziŵiratu masekondi amene nkhaniyo idzadye. Pa Chingerezi lamuloli likhoza ndithu. Chimene tikutsutsa ife ndicho kulitenga momwe liliri ndi kuyezera nalo Chicheŵa, makamaka mauthenga a zaumoyo ndi zaulimi amene amakaŵerengedwa pamaso pa anthu m'madera onga la Mfumu Kuntumanji, kuzambwe kwa Nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba.

Gwero la vutoli lili pa chimene timachitcha liwu. Kwa woŵerenga mawu, liwu ndi malembo alionse okhala pakati pa mipata iŵiri, ndipo mipatayo amaika ndi malamulo a kalembedwe, osati pakamwa pa munthu. Chicheŵa chimalumikiza mneni ndi timaphatikizo take tonse: "sindinaŵauze" ndi liwu limodzi la maphatikizo asanu ndi limodzi, pamene Mngerezi amanena ganizo lomwelo ndi mawu asanu a phatikizo limodzilimodzi. Ku Joni kuli chitsanzo choonekeratu. Chizulu chimalembedwa molumikiza, Chisutu molekanitsa, kotero kuti chimene Mzulu alemba ngati liwu limodzi Msutu angachilembe ngati mawu anayi, koma palibe amene anganene kuti Msutuyo amachedwa kanayi polankhula. Ngakhale pakati pathu pomwe, wina alemba "ku msika", wina "kumsika", ndipo chiŵerengero cha mawu chisintha pamene nthaŵi yonenera sinasinthe.

Titenge chiganizo chonga chimene mlangizi wa zaumoyo angaŵerengere asodzi ndi mabanja ao pa nyengo ya kolera, matenda amene akhala akuvuta m'mbali mwa Chilwa ndi m'zimbowera za pa nyanjapo: "Ngati madzi simunaŵaphitse, musaŵapatse ana kuti amwe." Mawu alipo 7, maphatikizo 21, ndiye kuti maphatikizo atatu pa liwu. Lamulo lija lipatsa chiganizochi masekondi aŵiri ndi kachidutswa, ndipo kuti chitheke motero mlangiziyo ayenera kutchula maphatikizo 9 pa sekondi. Pellegrino ndi anzake a ku Lyon, m'kafukufuku wao wa 2011, atayeza anthu oŵerenga mokweza m'zinenero zingapo, anapeza kuti Chijapani, chimene chinaposa zonse pa liŵiro, chinafika maphatikizo 7.84 pa sekondi, Chingerezi 6.19. Tsono lamulo lobwerekali likufuna kuti mlangizi wathu athamange koposa Mjapani, kwinaku akuphunzitsa amayi za madzi akumwa.

Muyeso woyenera Chicheŵa ndi phatikizo, ndipo mwaŵi wathu ngwakuti kuŵerenga kwake nkosavuta. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, choncho toŵerenga ndi a, e, i, o, u basi. "Nthochi" lili ndi malembo 7 koma maphatikizo aŵiri okha. Choonjezera ndi m woima payekha, monga mu "mtengo" ndi "m'madzi", amene ali phatikizo ngakhale alibe lembo la liwu. Msampha weniweni uli pa manambala. Pa pepala 8 ndi liwu limodzi, koma "zisanu ndi zitatu" ndi maphatikizo 7, "eyiti" atatu. Ndipo K2,500, ponenedwa kuti "thuu sauzande faifi handiredi kwacha", idutsa maphatikizo khumi. Nambala iliyonse ilembedwe m'mawu monga momwe idzanenedwere tisanayambe kuŵerenga.

Tiyerekeze tsopano kuti uthenga wonse wa kolera uli ndi mawu 300, ziganizo 30 ndi mipatuliro 24. Lamulo lija likuti masekondi 100. Ife tiyamba ndi kuŵerenga maphatikizo a ndime imodzi. Ngati tipezanso atatu pa liwu, uthengawo uli ndi maphatikizo 900. Kenaka timpatsa amene adzaŵerengeyo, osati mlembi wa mu ofesi, ziganizo zingapo, ndi kuyeza ndi wotchi nthaŵi imene pakamwa pake pakutuluka mawu. Tinene kuti watchula maphatikizo 100 pa masekondi 20, asanu pa sekondi. Kutchula kokha kudzadya masekondi 180. Kupuma tikuŵerengera padera: sekondi imodzi pa mpumiro uliwonse ndi masekondi 30, theka la sekondi pa mpatuliro ndi masekondi 12. Zonse pamodzi ndi 222, mphindi zitatu ndi masekondi 42, kuposa kaŵiri zimene lamulo linalonjeza.

Tidziŵa kuti ena amakonza lamuloli pongoonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi "la kupuma". Nafenso tikadakondwera kuti nkhani ikhale yapafupi chotero, koma njira imeneyi iphatikiza zinthu ziŵiri zosayendera limodzi. Frieda Goldman-Eisler anaonetsa m'buku lake la 1968 kuti munthu akamamveka wofulumira kapena wochedwa, kusiyana kwakukulu kumakhala pa kuchuluka ndi kutalika kwa kupuma, pamene liŵiro lotchulira maphatikizo silisintha kwambiri. Uthenga uja ukachoka m'chipinda choulutsira mawu nkukaŵerengedwa pabwalo kwa Kuntumanji, pa chimkuzamawu, mphepo ikuomba kuchokera kunyanja, pamaso pa anthu amene ena mwa iwo chinenero chao cha pakhomo ndi Chiyao kapena Chilomwe, woŵerenga wanzeru amadikira kuti ganizo lifike asanayambe lina. Ngati liŵiro lake litsika kufika pa 4.5, kutchula kudzadya masekondi 200. Ngati kupuma kwake kutalika kaŵiri, kudzadya 84. Uthengawo tsopano ndi wa mphindi zinayi ndi masekondi 44, ndipo mwa masekondi 62 oonjezerekawo, 42 ndi a chete.

Chicheŵa chili ndi khalidwe lina limene lichititsa kupuma kukhala kokwera mtengo. Phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto limatalika pamene chigawo cha chiganizo chikutha: "amwe" wa kumapeto kwa chiganizo chathu amamveka ngati "aamwe". Kanerva, m'buku lake la 1990 lonena za Chicheŵa, anaonetsa kuti wolankhula akafuna kutsindika liwu amadula chiganizo m'zigawo zambiri, chilichonse ndi phatikizo lake lotalika. Motero mlangizi amene atsindika "musaŵapatse" amalipira kaŵiri, pa chete wotsatira ndi pa kukoka kwa "-pa-". Nchifukwa chake liŵiro liyenera kuyezedwa pa ziganizo za uthenga womwewo, zonenedwa ndi mtima umene zidzanenedwere, osati pa ndime ya m'nyuzipepala.

Njira ya maphatikizo ili ndi malire ake. Wolankhula mofulumira amameza malembo a liwu oyandikana, "kuti amwe" nkumveka "kut'amwe", ndipo pamenepo chiŵerengero chathu chipitirira pang'ono. Ndiponso siiona zimene sizili pa pepala. Palibe mlangizi amene angaimirire pabwalo la mfumu ndi kuyamba ndi madzi ophitsa asanapereke ulemu kwa mfumu yaikulu, magulupu ndi nyakwaŵa, aliyense ndi kuomba m'manja kwake. Nthaŵi imeneyi iyezedwe payokha pa msonkhano weniweni. Pakakhala womasulira m'Chiyao, mphindi zinayi ndi masekondi 44 zija ziŵerengedwe kaŵiri, kuonjezapo kamphindi kopatsirana mawu pa chiganizo chilichonse mwa 30 zija.