Luso la wokonza mbiri ya malemu

Pamaliro a azakhali anga, mbiri imene abale tinalemba usiku inadzaza masamba anayi. Munali sukulu zonse, matenda onse, ndi mawu akuti sankakwiya ndi munthu. Mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe pamudzi amamudalira pa ntchito imeneyi, anatenga cholembera n'kukhala pakhonde.

Poyamba anaiwerenga mokweza akuyang'ana wotchi. Inatenga mphindi khumi ndi ziwiri, pomwe mwambo uli ndi amfumu, achipembedzo, olengeza chipepeso, ndipo adzukulu akudikira kumanda dzuwa likuswa mtengo. Anati itsike kufika mphindi zitatu, tsamba limodzi.

Anasunga chaka chobadwa, ukwati, ana ndi zidzukulu, ndipo chiwerengero anachitsimikiza kwa akuluakulu awiri, poti kuiwala mwana mmodzi pamaliro ndi mlandu wosatha. Za matenda anasiya mzere umodzi: anadwala miyezi itatu.

Chimene ndinagoma nacho n'chakuti anafufuta bodza lija. Azakhali ankakalipa, aliyense akudziwa, ndipo anthu akamva chitamando chonama amayamba kunong'onezana. Iye analemba kuti anali mayi wosabisa mawu, amene ankakudzudzula m'mawa, madzulo n'kukuitanira nsima ya chigwada chotendera. Powerenga, amayi m'siwa anaseka pang'ono, kenako analira.

Ziganizo zazitali anazidula kuti wowerenga azipuma, pakuti munthu wogwidwa chisoni mpweya umamuthera msanga. Mphwanga anawerenga mpaka kumapeto osakakamira.