Mawu apansi pa kanema asamatsogole mlaliki

Chimene chimandinyansa pa matchanelo ambiri a mipingo yathu ndi chakuti mawu olembedwa pansi pa kanema amayesedwa ndi muyeso umodzi wokha: kodi Chingerezicho chalondola? Chikalondola, akuluampingo amati ntchito yagwirika. Palibe amene amafunsa kuti mawuwo atuluka nthawi yanji ndipo achoka nthawi yanji, pamene luso lonse lagona pamenepo. Mlaliki wa Chichewa amalalikira ndi mpweya: amakoka mawu, amaima, amadikira kuti mpingo uyankhe. Wolemba mawu apansi amene sakumva kuima kumeneku amawononga ulaliki ngakhale atamasulira liwu lililonse bwinobwino.

Taganizani mlaliki akufotokoza za mbusa wotaya nkhosa. Akuti: anafunafuna kumapiri, anafunafuna kumadambo, koma nkhosa ija... Kenako akukhala chete masekondi awiri, akuyang'ana mpingo, ndiyeno akumaliza motsitsa mawu: inali kuseri kwa khola. M'tchalitchi anthu amaphulika kuseka, ena n'kufuula Ameni. Chiganizo chonsechi chili ndi zilembo 84, kuwerenga ndi mipata yomwe, kupatula madontho atatu aja. Popeza odziwa ntchitoyi amalola mizere iwiri, uliwonse wa zilembo pafupifupi 42 monga amachitira a Netflix, mnyamata wa pa kompyuta amaona kuti chikwana, n'kuchiponya chonse nthawi imodzi. Zotsatira zake, mayi amene akuonera ku Leicester wawerenga kale za khola mlaliki akadali kumapiri. Chete uja sakumugwiranso mtima, ndipo mpingo ukamaseka iye akungodabwa kuti akusekeranji mochedwa chonchi.

Kudula kwabwino ndi uku, m'fayilo ya SRT:

```
1
00:14:03,000 --> 00:14:06,200
Anafunafuna kumapiri,
anafunafuna kumadambo,

2
00:14:06,300 --> 00:14:07,800
koma nkhosa ija...

3
00:14:09,800 --> 00:14:11,800
inali kuseri kwa khola.
```

Taonani masekondi awiri aja pakati pa chidutswa chachiwiri ndi chachitatu. Pamenepo pansi pa kanema palibe kanthu, diso labwerera pankhope ya mlaliki, ndipo woonera akudikira pamodzi ndi mpingo. Mpata umenewu ndimaukonda kwambiri! Ndi umene umandiuza kuti wolembayo anamvetsera ulaliki ndi makutu, sanangolandira pepala. Chidutswa choyamba chapatsidwa masekondi atatu ndi pang'ono chifukwa munthu wamkulu amawerenga bwino zilembo za pakati pa 15 ndi 20 pa sekondi, ndipo chili ndi zilembo zopitirira 40. Chingerezi nachonso chiyenera kudulidwa pa nthawi zomwezi, khola lifike pa 00:14:09,800 osati msanga, ngakhale womasulira atavutika kusanja mawu ake kuti chinsinsicho chikhale kumapeto.

Nanga zilankhulo ziwirizi zikhale pati? Ambiri amazidinda zonse pa chithunzi penipeni, Chichewa pamwamba, Chingerezi pansi. Imakhala mizere inayi, ndipo pa foni imaphimba manja a mlaliki mpaka pachibwano. Komatu owerengawo ndi anthu osiyana. Mayi amene akugwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba ku Mangalande amaonera atatsitsa mawu, choncho akufuna Chichewa, chimodzimodzinso m'bale wosamva. Mwana wake wobadwira komweko, kapena mpongozi wa ku Johannesburg, akufuna Chingerezi. Palibe amene akufuna zonse ziwiri nthawi imodzi. YouTube imalola kukweza fayilo ya chilankhulo chilichonse payokha, woonera n'kusankha yekha pa batani la CC, ndipo cholakwika chikapezeka mumakonza fayiloyo osakwezanso vidiyo. Za zilembo zachikasu zovinavina zimene zimatuluka liwu limodzilimodzi sindinenapo zambiri, zimenezo n'za otsatsa malonda.

Pali vuto lina la kwathu kuno. M'mipingo yambiri ya m'tauni mlaliki amakhala ndi womasulira pambali, wina akanena m'Chingerezi mnzake abwereza m'Chichewa. Wolemba wosaganiza amalemba onse awiri m'fayilo iliyonse, woonera n'kumawerenga mfundo imodzi kawiri kwa ola lathunthu. Fayilo ya Chichewa itsate amene akulankhula Chichewa, ya Chingerezi itsate mnzakeyo, ndipo pamene winayo akulankhula pakhale popanda mawu. Vesi likamawerengedwa, musalimasulire nokha pamutu: lembani monga lilili m'Baibulo limene mpingowo umagwiritsa ntchito, kaya ndi Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, chifukwa anthu analiloweza choncho.

Inu oyang'anira makanema kumpingo, musanakweze ulaliki wa Lamulungu likubwerali, uonereni pa foni mutazimitsa mawu. Pamene mwadziwa mathero a chiganizo milomo ya mlaliki isanafikepo, bwererani mukadulenso pamenepo.