Mizere Inayi Imene Kompaila Inakana

Ophunzira akafika pa phunziro la memore mu labu, ndimakonda kuwalembetsa mizere inayi iyi ya Rust, kenako n'kukhala phee kuyang'ana nkhope zawo:

```rust
let mut v = vec![10, 20, 30];
let woyamba = &v[0];
v.push(40);
println!("{}", woyamba);
```

Kompaila imakana, n'kulemba `E0502`. Ambiri amadabwa kuti cholakwika n'chiyani, poti angowonjezera nambala imodzi kumapeto.

Vuto labisala pansi. Manambala atatuwa akhala moyandikana pamalo a mabaiti 12, ndipo malowo adzaza. `push` ikafuna kuika 40, imapempha malo okulirapo, ndipo ikhoza kusamutsira zonse kumeneko n'kubweza malo akale. Koma `woyamba` sinambala ayi, ndi adiresi chabe, ndipo ikulozabe kunyumba imene eni ake asamukamo. Mu C++ mizere yofanana nayo imadutsa bwinobwino. Lero ikhoza kusindikiza 10, mawa zinyalala, ngati malowo apatsidwa kale kwa wina. AddressSanitizer imagwira zimenezi, koma pokhapokha pulogalamu ikayendetsedwa n'kudutsa panjira yomweyo.

Chimene chimandigometsa n'chakuti kompaila ya Rust siifufuza n'komwe ngati manambala asamukadi. Imangowerenga pangano. Mwini wa manambala ndi `v`, ndipo ndiye yekha adzabweze malowo, kamodzi kokha. `&v[0]` ndi kubwereka kuti uwerenge, ndipo obwereka motero akhoza kuchuluka. Koma `push` inalembedwa kuti imafuna `&mut self`, kubwereka kuti usinthe, ndipo wobwereka wotere amayenera kukhala yekha. Khasu limene mnzako akulimira sungalichotse mpini. Popeza `woyamba` ikufunikabe pa mzere wachinayi, mzere wachitatu sungaloledwe. Uthenga wa kompaila umaloza malo onse atatu: pamene unabwereka, pamene ukufuna kusintha, ndi pamene chobwerekacho chikugwirabe ntchito.

Mtsikana wina anangokweza `println!` pamwamba pa `push`, zonse n'kuyenda. Nkhope yake inawala! Kuyambira mu 2018 kubwereka kumatha pamene wachigwiritsa ntchito komaliza, osati potsekera `}` monga kale. Mnzake anachotsa `&`, n'kulemba `let woyamba = v[0];`. Tsopano ali ndi 10 wakewake wokopera, alibe ngongole ndi wina aliyense.

Lamuloli lili ndi mtengo wake. Mnyamata wina anasungiratu malo a manambala 100 ndi `Vec::with_capacity(100)`, kotero kuti `push` sikanasamutsa kanthu. Kompaila inakanabe. Iye sanalakwe, pulogalamu yakeyo sikanawononga chilichonse. Koma ndinamufunsa kuti mawa wina akadzasintha 100 kukhala 3 mu fayilo ina, adzakumbukire `woyamba` ndani. Anayang'ana pa sikirini kanthawi ndithu, kenako anafufuta `&`.